Mbewu Zodikira Mvula pa Ulongwe

Kuyambira pa Liwonde mpaka pa Ulongwe panalibe munthu wodziwa kugulitsa kuposa ine. Izi ndinkazinena poyera, m'minibasi, pamaliro, ngakhale pamaso pa anthu okhala ndi mashopu a zitseko zachitsulo, pamene ine katundu wanga yense ankakwana m'chikwama chimodzi. Ndinagulitsapo jekete yaubweya mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, kwa munthu amene thukuta linkachita kumutsika m'khosi. Anaivala pomwepo n'kundithokoza. Choncho alamu anga atandiimbira foni kuti ndikawathandize kukonza pulomoshoni ya shopu yawo, ndinawayankha kuti ayambiretu kufunafuna malo oika ndalama.

Alamu angawa ndi mkazi wa malemu achimwene anga. Kwawo ndi ku Phalula, koma achimwene atamwalira iwo sanabwerere kumudzi. Anatsala pa Ulongwe ndi shopu ya mbewu ndi feteleza, kachipinda kamodzi kakutsogolo ndi kena kakumbuyo, moyang'anana ndi msewu wa ku Mangochi. Chaka chimenecho patsidya pa msewu panatsegulidwa shopu ina yaikulu, yopaka penti wobiriwira, ya bambo wina wamtali wosakonda kuseka. Alamu, poopa kuti anthu awathawira, anachita zimene anali asanachitepo. Anatenga ndalama zonse za shopu n'kuoda mbewu ya chimanga chocha msanga, yochuluka kuposa chaka china chilichonse, kuti mlimi asadzabwerere chimanjamanja n'kuwolokera patsidya.

Ndinafika mu Ogasiti. Anandilowetsa m'kachipinda kakumbuyo n'kundionetsa mapaketi ataunjikana mpaka pafupi ndi malata, ambiri a makilogalamu awiri, ena a makilogalamu asanu.

"Alamu, iyi si nsapato ayi," anatero. "Nsapato ikapanda kugulidwa chaka chino, chaka chamawa ikadali nsapato. Mbewu ikagona chaka pansi pa malata otentha awa, yambiri siidzamera, ndipo anthu amawerenga deti papaketi. Ikafika Khirisimasi ili muno, ine nditseka, ndizipita kwathu ku Phalula ndikalime."

Ndinaseka. Ndinati Khirisimasi ndi kutali.

Tinakhala pakhonde n'kuyamba kukonza. Ine ndinkadziwa anthu, koma chaka cha mlimi sindinkachidziwa bwino, ndiye alamu anandiyalira pogwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo. Anaika chimodzi apa, nati awa ndi Meyi ndi Juni, anthu akolola, akufuna mankhwala a anankafumbwe ndi matumba osungira chimanga. China anachiika patsogolo pake: Ogasiti ndi Seputembala, amadimba akugula mbewu ya tomato ndi mpiru pang'onopang'ono, koma ndi nthawi yomwe nandolo amagulitsidwa, ndipo ndalama imaoneka m'mipango ya amayi. Kenaka anaunjika zitsekerero zitatu malo amodzi. Apo panali kuyambira pakati pa Okutobala mpaka kumayambiriro a Disembala, nthawi ya mbewu ndi feteleza wokulitsa. Chomaliza chinali cha kumapeto a Disembala ndi Januwale, feteleza wobereketsa ndi mankhwala a mbozi.

Ndinaloza pamulu paja. "Nkhondo ili apa."

"Apo anthu amabwera okha," anatero alamu. "Muitanirenji munthu amene ali kale pakhomo? Ine ndimati tiwakope muno mu Seputembala, ndalama ya nandolo isanathere ku zinkhoswe ndi ku matayala a njinga."

"Alamu, munthu sagula mbewu kumwamba kuli mbee. Amagula akamva fungo la mvula. Inu mumadziwa mbewu, ine ndimadziwa mtima wa munthu."

Tinakangana masiku awiri. Pa feteleza tinagwirizana msanga kuti sitikhudza mtengo, chifukwa phindu lake pathumba ndi lochepa kale, ndiponso ambiri amayamba adikira kaye ngati mayina awo atuluke pa feteleza wa boma wotsika mtengo uja. Nkhani inali pa mbewu. Ine ndinkafuna zinthu ziwiri: kutsitsa mtengo wa paketi ndi kandalama kokwana kukwerera kabaza kupita kumudzi, ndi basela. Basela yake ndinaiganiza ndekha ndipo mpaka lero ndimanyadira. Chinali chingwe chobzalira, chofinyira zitsekerero za mabotolo motalikana monga amanenera alangizi, kuti munthu akachitambasula pamzera azingoponya mbewu imodzi pachitsekerero chilichonse. Sichinafune ndalama zambiri. Chinangofuna zala zanga ndi pulayazi.

Pomaliza alamu anatopa nane. "Chitani, mwabwerera zomwezo. Koma mbewu ithe."

Seputembala yense ndinakhala pakhonde ndikufinya zitsekerero. Ndi mwezi umene ndimaukumbukira ngati ndinali m'tulo. Masana phula linkanyezimira ngati pathiridwa madzi, minibasi zochokera ku Liwonde n'kumaoneka ngati zikuyandama zisanafike pasiteji. Milambe ya kuseri kwa msika inali itayoyola masamba onse. Mavenda a nandolo anali atapachika masikelo awo pamitengo, ndipo amayi ankabwera ndi matumba pamutu n'kubwerera akumanga mfundo kumapeto kwa chitenje. Ine ndinkaziona mfundozo zikudutsa pamaso panga, koma maganizo anga anali patsogolo. Ndinkaona tsiku langa. Ndinkaona mzere wa anthu utachoka pakhomo pathu, kudutsa pa ogulitsa chimanga chootcha, kukakhota pa mzikiti. Ndinkaona bambo wa patsidya uja ataima pakhomo pa shopu yake yobiriwira, manja ali m'chiuno, ntchentche zokha zikulowa ndi kutuluka. Nthawi zina m'malotomo ndinkakhala nditavala tayi.

Ndili m'malotomo ndi momwe mawu olengezera pulomoshoni anandifikira. Ndinaganiza kuti pulomoshoni ya deti la pakalendala ndi ya anthu a m'tauni. Mlimi deti lake ndi mvula. Ndinabwereka sipika ya m'manja, ya mtundu uja umajambula mawu n'kumawabwereza wokha, ndipo ndinalankhulamo ndi mawu anga a pamsika:

"Alimi nonse! Tsiku logwa mvula, mtengo wa mbewu utsika! Chingwe chobzalira, ulere! Shopu ya amayi, moyang'anana ndi siteji!"

Ndinapangana ndi mkulu wina wa kabaza, wa imvi zake, amene ankadziwa njira zonse za m'midzi mpaka ku Shire. Anamangirira sipikayo pa handulo ndi mphira, ndipo kuyambira sabata yoyamba ya Okutobala mawu anga anayamba kuyenda okha m'midzi ine nditakhala pansi. Madzulo mphepo ikatembenuka ndinkadzimva ndekha chapatali, kuseri kwa milambe, ndikulonjeza anthu amene sindinawaonepo. Zinkandikoma.

Sabata yoyamba ndinati anthu akumva kaye. Sabata yachiwiri ndinati akukambirana m'mabanja. Sabata yachitatu alamu anakhala pa kauntala atagwira tsaya.

"Chaka chatha nthawi ngati ino ndinkagulitsa tsiku lililonse," anatero. "Osati zambiri, koma tsiku silinkapita. Pano sabata yonse mapaketi atatu, ndipo awiri agula ndi abusa, chifukwa chochita nane manyazi."

Anthu ankabwera ndithu. Ankalowa, n'kunyamula paketi, kuitembenuza, kuwerenga deti, kufunsa kuti imacha masiku angati. Akatero ankaibweza pashelefu mwaulemu, n'kutuluka pakhonde, n'kuyang'ana kumwamba. Wina anandiuza mosabisa kuti ndalama ali nayo m'thumba, koma angakhale wopusa bwanji kugula lero chinthu chimene mwini wake walengeza kuti chitsika mawa? Ndinafuna kumutsutsa, koma ndinapeza kuti akanakhala ine, ndikanachita chimodzimodzi. Ndinali nditaphunzitsa dera lonse kudikira. Amene sankafuna kudikira, poopa kuti tsikulo adzapanikizana, ankangowoloka msewu n'kukagula patsidya pa mtengo wonse.

Ndinayamba kukhala ndi mitambo ngati anzanga. M'mawa ndinkayang'ana kummawa, cha ku mapiri a Machinga, kumene inkayamba ngati thonje lomwazika. Ikamafika masana inkakhala itatukumuka, yoyera pamwamba, yakuda kumimba, ndipo ine ndinkailankhula chamumtima monga ndimalankhulira kasitomala wokayikakayika: bwerani, akulu, yandikirani, kuona n'kwaulere. Madzulo inkasungunuka osasiya kanthu. Nyenje zinkalira mpaka m'mutu kumveka ngati muli waya. Kamvuluvulu ankadutsa pamsika atanyamula majumbo, n'kukawasiya padenga pathu.

Tsiku lina kunabwera bambo wina akukankha njinga. Anaiimika pakhomo penipeni n'kundiitana kuti ndione matayala.

"Matope awa, achimwene. Kwathu yagwa."

"Kwanu kuti?"

"Cha ku Shire."

Ndinagwira matopewo n'kuwanunkhiza. Ankanunkha sopo. Ndinamuuza kuti mvula ya kwawo ndi yaukhondo kwambiri, imagwa ndi sopo yemwe, ndipo imagwera pamjigo pokha. Anaseka mpaka kutsamira njinga, nati anangofuna kuyesa. Tinasiyana bwino. Koma atapita ndinayamba kuganiza. Mvula ya kuno siigwa ngati lamulo la boma. Imatha kunyowetsa mudzi uno n'kulumpha winawo, ndipo sipika yanga sinanene kuti igwe kuti, kapena igwe yochuluka bwanji.

Kumapeto a Okutobala, Lachinayi masana, inagwa. Inayamba ndi mphepo yonyamula fumbi, kenaka madontho akuluakulu ngati ndalama zachitsulo anayamba kumenya malata. Fungo lija linakwera kuchoka m'nthaka, fungo limene limapangitsa ngakhale munthu wopanda munda kufuna khasu. Ana a sukulu ankathamanga atanyamula nsapato m'manja. Sinathe ola. Itasiya, phula linkafuka nthunzi, ndipo dzuwa linatulukanso ngati palibe chachitika.

"Chizimalupsa," anatero alamu, osadzuka n'komwe pampando. Ndi kamvula kaja kamabwera kudzazimitsa malupsa ndi kunyenga anthu opupuluma, kenaka kumwamba n'kutsekanso masabata angapo.

M'mawa mwake titafika kudzatsegula tinapeza anthu ali kale pakhonde. Sunali mzere wa m'maloto anga uja, koma analipo okwana kutseka khomo. Kutsogolo kwawo kunali mayi wina wamfupi, wovala mpango wofika m'mapewa. Ndinkamudziwa nkhope. Anali wa ku Ntaja koma anakwatiwa cha kuno, ndipo ndinamuonapo akuimitsa venda wa nandolo theka la ola mpaka vendayo anasintha sikelo. Anandipatsa moni m'Chiyao, ine n'kuyankha mwa Chiyao changa cha pamsika, kenaka anayamba.

"Achimwene, tabwera. Yagwa."

"Mayi, ija si mvula. Chija ndi chizimalupsa."

"Chinagwa kuchokera kuti?"

"Kumwamba."

"Chinali chouma?"

Anthu anaseka. Ndinati mvula imene ndinkanena ine ndi yobzalira.

"Ngwamba," anatero, akupukusa mutu. "Iyayi. Chisipika chanu chadutsa pakhomo panga masabata atatu, mpaka nkhuku zanga zachiloweza. Chimati tsiku logwa mvula. Za kubzala sichinanenepo. Kapena tikachiitane chidzanene chokha?"

Mwatsoka mkulu wa kabaza uja anali pomwepo, ndipo wina anamuuza kuti atsegule. Mawu anga anatuluka, onenepa, odzikhulupirira, n'kuchitira umboni mayiyo pamaso panga. Palibe chinthu chowawa ngati kugonja pa mkangano ndi iwe mwini.

Sindinafune kugwa msanga. Ndinalowa m'shopu n'kutenga khasu latsopano pa makasu amene tinkagulitsa. Ndinati tiyeni tifunse nthaka. Tinazungulira kuseri kwa shopu, gulu lonse pambuyo panga, ndipo ndinakhapa kamodzi. Pamwamba panali pakuda, ponyowa, kuzama kwake ngati zala ziwiri zopingasa. Pansi pake panali fumbi loti mbuu, lotentha ngati phulusa.

"Mwaona? Mvula yobzalira imalowa mpaka khasu lonse limire m'chinyezi. Apa mukaponya mbewu, ifufuma, iyamba kumera, kenaka ipsa."

"Zoona zimenezo," anatero mayi uja. "Ine ndalima zaka zambiri kuposa zimene inu mwavala nsapato, sindingabzale lero. Koma kugula ndigula lero, pa mtengo wa mvula. Kubzala ndi nkhani ya ine ndi munda wanga."

"Ine ndibzala mawa," anatero bambo wina kumbuyo. "Ngumbi zatuluka kwathu."

"Inunso, ngumbi zimenezo zidzakulipirani mbewu ikapsa?" wina anamuyankha.

Pamenepo panabuka phokoso, ena akuti yagwa, ena akuti sinagwe, ena akungofuna chingwe. Ine ndinaima pakati ndi khasu, ndikuwerengera mumtima njira ziwiri, zonse zoipa. Ndikakana, anthuwa awoloka msewu ndipo dera lonse limva kuti shopu ya amayi ndi yabodza. Ndikavomera, theka la iwo likabzala mawa, mbewu ikapsa, ndipo palibe amene adzanene kuti inapsa ndi dzuwa. Adzati mbewu ya pashopu ija siimera.

Alamu anali ataima pakhomo lakumbuyo nthawi yonseyi. Sanakweze mawu. Anangoyamba kulankhula, ndipo anthu anatonthola kuti amve.

"Alamu angawa analonjeza, ndiye talonjeza. Mtengo watsika kuyambira lero. Koma mbewu yanga siituluka muno kukapsa. Mugula, ndi yanu, koma igona konkuno mpaka tsiku limene khasu lidzamire. Tsiku limenelo mudzangobwera kudzatenga, chingwe chanu chili pamwamba."

Kenaka mayi uja anafunsa funso limene ine sindikanaliganiza.

"Ndiye kuti mlamu wanga akabwera kudzapempha mbewu, ndimuuza kuti m'nyumba mulibe?"

"Mukhala mukunena zoona," anatero alamu.

"Nanga mbewa?"

"Muno muli mphaka."

Mayiyo anamasula mfundo yake. Anagula mapaketi atatu. Alamu anamulembera lisiti, koma iye anati pepala limanyowa, limasochera, ndipo ana amakulungira mtedza. Anagwira m'mphepete mwa chitenje chake, n'kuluma ndi mano, n'kung'amba kansalu kotalika ngati dzanja. Anamanga mapaketi ake atatu pamodzi, mfundo ziwiri.

"Yanga ndi iyo. Ndikadzabwera ndidzavala chitenje chomwechi, mudzafananize."

Asanatuluke anatembenuka n'kundiyang'ana. "Nanga chingwe ndi cha paketi iliyonse, kapena cha munthu aliyense?"

"Cha munthu aliyense, mayi."

"Chisipika sichinatero."

Anapita atalonjezedwa zingwe zitatu. Ine, amene ndinkadzitcha mphunzitsi wa onenerera.

Zimene zinachitika masabata otsatirawo sindinazikonze ndipo sindingazinamizire kuti ndi zanga. Nkhani inayenda yokha popanda sipika. Amayi anauzana kumjigo ndi kuchigayo kuti pa Ulongwe pali shopu imene ukagula mbewu imakusungira, kutali ndi achibale opempha, kutali ndi bambo amene angaigulitse tsiku la msika, kutalinso ndi dzanja lako lomwe likamayabwa kumwamba kukachita mdima. Ankabwera awiriawiri, atatuatatu, aliyense n'kung'amba kansalu kake. Abambo ena ankamanga ndi mphira wa njinga, wina anamanga ndi chingwe cha nsapato. Msodzi wina wa ku Shire anamanga ndi kachidutswa ka ukonde.

Kachipinda kakumbuyo kanasintha. Mulu wa alamu unkatsika, mulu wa eni ake unkakwera mbali inayo. Masana ndikatopa ndi kutentha ndinkalowamo n'kukhala pathumba la feteleza. Kuwala kunkalowera pa timabowo ta malata n'kugwera pa tinsalu tija, tofiira, tachikasu, ta maluwa, ta nkhope za anthu a ndale zodulidwa pakati, tina ta mayunifolomu a kwaya. Kamphepo kakalowa pansi pa chitseko tinkagwedezeka tonse pamodzi. Ndinkaona ngati ndakhala pakati pa msonkhano wa amayi a dera lonse atakhala chete, akudikira chinthu chimodzi. Paketi iliyonse inali munda wa munthu, mizere yake ili kale chilimire kwinakwake padzuwa. Ndinkatha kuwodzera momwemo, mphaka ali pamiyendo panga, mpaka alamu andiitane kuti kwabwera anthu.

Kunja kumwamba kunatseka ndithu. Amene anabzala pa chizimalupsa, ambiri ndi mbewu yogula patsidya, anaona chimanga chawo chikutuluka ngati singano, n'kupota masamba, n'kugona. Sabata yoyamba ya Novembala inapita, yachiwiri, yachitatu. M'mizikiti ndi m'matchalitchi munayamba mapemphero a mvula. Ine pempho langa linali losokonekera, chifukwa tsiku lililonse lopanda mvula mapaketi ena ankachoka pa mulu wathu pa mtengo wotsika, ndipo tsiku langa lalikulu linkachepa ndikuona.

Ndinayesa kuwauza alamu kuti tibiseko makatoni angapo, tidzagulitse pa mtengo wonse mvula ikadzagwa, pamene anthu adzakhale akulimbirana.

"Tsiku logwa mvula mtengo ukwera?" anandifunsa. "Mukajambulenso sipika ija, ine ndikamvere."

Ndinasiya.

Paketi yomaliza inagulidwa Lolemba, Novembala ali kumapeto. Mvula yeniyeni inayamba Lachitatu masana ndipo inagwa mosalekeza mpaka m'mawa mwake. Sipanafunike khasu. Madzi anali ataima m'makwalala, achule akuimba kuseri kwa msika, ndipo mbuzi zinali zitaunjikana pakhonde pathu ngati nazonso zinasiya kansalu.

Mzere uja unabwera. Unachoka pakhomo pathu, kudutsa pa ogulitsa chimanga chootcha, n'kukakhota pa mzikiti, monga ndinkauonera m'maloto. Koma munalibe wogula ndi mmodzi yemwe. Aliyense ankangoloza kansalu kake, ena atavala chitenje chomwe anang'ambacho, ine n'kumathamanga pakati pa chipinda chakumbuyo ndi kauntala ngati wolandira katundu pa depoti. Palibe amene ankafuna kucheza kapena kunenerera. Ankalandira, kuika pamutu, n'kuthamangira kumunda nthaka isanaume. Mayi wa ku Ntaja uja anawerenga zingwe zake zitatu, n'kukoka chitsekerero chimodzi kuti aone ngati chagwira.

"Sikomo, achimwene. Chaka chamawa mudzalengezenso."

Ikamakwana naini koloko m'chipinda muja munali mbee, mutangotsala feteleza ndi mphaka. Apo ndi pamene linafika gulu lina: aja anabzala pa chizimalupsa, ndi ena amene anadikira mvula yeniyeni monga sipika inawauzira. Awa anali ndi ndalama m'manja ndipo sankafunsa mtengo. Ankafuna mbewu yocha msanga, popeza nyengo inali itapita kale. Bambo wa ngumbi uja anandigwira dzanja nati ndimupezere ngakhale paketi imodzi, awonjezera. Pa moyo wanga wonse wogulitsa ndinali ndisanaonepo anthu okonzeka kugula ngati amenewo, ndipo ndinalibe choti ndiwagulitse. Alamu anaimbira foni kumene amaoda, ku Balaka, koma anawauza kuti mtundu umenewo watha, mwina sabata ya mawa. Sabata ya mawa mlimi sakhala akudikirabe.

Ndinaima pakhonde n'kuwaona akuwoloka msewu mmodzimmodzi, akulumpha zithaphwi. Bambo wamtali uja anali atafufuta mtengo pa bolodi lake n'kulemba wina wokwererapo. Ena mwa anthuwo ankagula kwa iye kachiwiri nyengo yomweyo. Kwa nthawi yoyamba ndinamuona akuseka.

Masana alamu anatumiza tiyi ndi mandasi, tinakhala pa matumba. Ndinawafunsa ngati tapindula.

"Pang'ono," anatero. "Pochotsa zotsitsa zanu zija, zingwe, ndi mkulu wa kabaza, chatsala chokwana kuoda feteleza wobereketsa ndi mankhwala a mbozi. Ku Phalula ndipita kukaona anthu basi."

Ndinati ndiye kuti pulomoshoni yanga yagwira ntchito.

Anapemerera tiyi wawo. "Mu Januwale mukhalepo, mudzandithandize kunyamula matumba. Koma sipika mukabweze lero."

Ndinakabweza. Pobwerera ndinadzera njira ya m'minda, nsapato zili m'manja. Paliponse anthu anali atawerama. M'munda wina ndinaona banja lonse litagwira chingwe changa, bambo mbali ino, mayi mbali inayo, zitsekerero zikunyezimira pamzera wonyowa, ana akuponya mbewu yofiira imodziimodzi. Sanandizindikire. Ndinaima pang'ono pansi pa mtengo wa mango, madzi akundidonthera m'khosi, n'kumawerengera anthu a nkhaniyi. Alamu anagulitsa mbewu yonse mvula isanagwe ndipo shopu ikadali yotsegula, koma tsiku limene mbewu inali golide analibe ndi njere yomwe. Wa patsidya anagulitsa kawiri kwa anthu omwewo pa mtengo wokwera, koma amayi a tinsalu aja mpaka lero sapondako. Mayi wa ku Ntaja anatsitsitsa mtengo mwezi wathunthu nthawi isanakwane, anasungitsa ulere, n'kutenga zingwe zitatu pamunda umodzi. Ine ndinapeza mzere wanga, wautali monga ndinkaufunira, ndipo sindinagulitsemo kanthu.

Ndakhala ndikuinenerera nkhaniyi ndekha zaka zingapo tsopano, ndipo mtengo wake sunagwirizanikebe. Inu amene mwaimva muli pambali, tandiuzani: pa anthu anayi amenewa, anapambana ndani?